Kutsatira karenti pa dayagiramu ya pawa sapulayi mpaka kupeza rezisita yofufutika

Funso: Ndajambula ndi foni dayagiramu ya pawa sapulayi yaing'ono yomwe inamatidwa mkati mwa chivundikiro cha chipangizo chakale. Ndikuona T1 230V/12V 50Hz, madayodi anayi 1N4007, C1 1000µF 25V, R1 1K ndi LED, kenako R2, ZD1 9V1 ndi C2 104. Potulukira palembedwa 9V 20mA. Nambala ya R2 yafufutika, akuoneka ndi ma 2 awiri okha, ndipo R2 yeniyeniyo inapserera. Kodi karenti imayenda bwanji m'marezisita ndi m'makapasitawa, nanga R2 ndiidziwa bwanji?

Yankho: R2 tiipeza, ndipo sitiipeza pokulitsa chithunzicho mpaka maso kuwawa. Tiipeza pofunsa kuti ntchito yake ndi yotani m'sekitiyi. Koma kuti tifike pamenepo tiyenera kuyenda ndi karentiyo kuchokera komwe ikuyambira.

Musanachite china chilichonse, tengani pepala ndi pensulo mujambulenso dayagiramuyo ndi dzanja lanu. Ndimauza zimenezi aliyense wobwera ndi chithunzi cha pafoni, chifukwa chithunzi chimanama pa tinthu ting'onoting'ono, pomwe tinthu timeneto ndi tomwe timanyamula tanthauzo. Pojambulapo kokani mizere iwiri yopingasa, wina pamwamba wina pansi. Wapamwamba ndi wa +, wapansi ndi wa 0V. Chilichonse chomwe chili kumanja kwa madayodi anayiwo chingakhale m'njira ziwiri zokha: kaya chaimirira pakati pa mizere iwiriyi ngati nsanamira, kapena chagona pamzere wapamwamba moti karenti yonse yopita kutsogolo iyenera kudutsa mwa icho. Pa dayagiramu ya mtundu wanuwu, C1 ndi yoimirira, R1 pamodzi ndi LED ndi zoimirira, R2 ndi yogona, ndipo ZD1 ndi C2 ndi zoimirira kuseri kwa R2. Mukaona zimenezi, theka la ntchito latha.

Samalani pomwe mizere yadutsana. Pomwe pali kadontho, mawaya alumikizana. Pomwe palibe, angodumphana. Pa chithunzi cha pepala lakale, kafumbi kamaoneka ngati kadontho, ndipo kadontho kenikeni kamatha kusowa chifukwa cha kuwala kwa foni. Mukakayika, dzifunseni kuti pakanakhala kadontho chikanachitika n'chiyani. Ngati kadonthoko kakulumikiza mzere wa + ndi wa 0V popanda chilichonse pakati, si kadontho ayi, chifukwa palibe amene angajambule shoti dala. Ngati kusowa kwake kukusiya mwendo wa rezisita ukulendewera osapita kulikonse, ndiye kuti kadonthoko kalipo, kangobisika.

Tsopano tiyambe ulendo. Thiransifoma T1 ikutsitsa magetsi kuchoka pa 230V kufika pa 12V, koma akadali a AC, omwe amasinthasintha kolowera. Pa 50Hz, nsonga iliyonse ya waya wa mbali ya 12V imakhala + kwa 10 ms, kenako − kwa 10 ms zina. Madayodi anayiwo ndi amene amawongola zimenezi. Pachizindikiro cha dayodi pali kamuvi kogunda kamzere, ndipo karenti imaloledwa kupita komwe kamuviko kaloza. Pezani pomwe timizere ta madayodi awiri takumana: pamenepo ndi pa +. Mbali inayo, pomwe misana ya madayodi awiri enawo yakumana, ndi pa 0V. Ikani chala pa nsonga yapamwamba ya thiransifoma, muiyese kuti ndi +, ndipo muyende. Mudutsa dayodi imodzi kukwera ku mzere wa +, mudutsa m'sekiti yonse kutsikira ku mzere wa 0V, kenako mudutsa dayodi yachiwiri kubwerera ku nsonga yapansi ya thiransifoma. Mukasintha kuti yapansi ikhale +, mudutsa madayodi awiri otsalawo, koma m'sekiti mulowabe ndi pamwamba n'kutulukira pansi. Chala chikalephera kubwerera ku thiransifoma, dziwani kuti pena pake mwawerenga molakwika, chifukwa karenti siyenda panjira yosabwerera komwe yachokera.

Pali mfundo yomwe imasokoneza ambiri, nanenso inandisokoneza ndikuyamba kumene. 12V yolembedwa pa thiransifoma si voteji yomwe mupeze pa C1. Nambala imeneyo ndi ya RMS, yomwe ndi mtundu wa voteji yapakati ya funde la AC, pomwe nsonga ya funde ndi nambalayo kuchulukitsa ndi 1.414. Kapasita imadzaza mpaka pa nsongayo, kuchotsapo zomwe madayodi awiri a panjira adya, pafupifupi 0.7V iliyonse.

```
12 × 1.414 = 17.0 V
17.0 − 1.4 = 15.6 V
```

Choncho mzere wa + uli pa 15.6V kapena chapafupi. Mukayeza n'kupeza 17V musadabwe, mathiransifoma ang'onoang'ono amapereka voteji yokwererako akakhala kuti sakunyamula katundu wokwanira. N'chifukwa chake wojambulayo anasankha kapasita ya 25V. Ya 16V pamalo amenewa ingakhale pamphepete penipeni, ndipo singakhalitse.

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, pa C1, chifukwa funso lanu loti karenti imayenda bwanji m'kapasita ndi funso labwino kwambiri. Yang'anani chizindikiro chake: timizere tiwiri toyang'anizana, pakati pali mpata. Mpatawo ndi weniweni. Mkati mwa kapasita muli timapepala tiwiri tachitsulo tolekanitsidwa ndi chinthu chosadutsa magetsi, moti karenti ya DC yokhazikika siingaboole kuchoka pamwamba kupita pansi. Mukamatsatira karenti yokhazikika ndi chala, mukafika pa kapasita bwererani, njira yatha. Koma si kuti m'miyendo yake simuyenda kanthu. Voteji ya pamzere ikamakwera, karenti imalowa ndipo kapasita imadzaza. Voteji ikamafuna kutsika, karenti imatuluka ndi mwendo womwe unalowera uja n'kukadyetsa sekiti. Ili ngati thanki la madzi lomwe paipi yolowera ndi yotulukira ndi imodzi.

Ndiye m'sekiti yanuyi muli maulendo awiri osiyana, ndipo ndi bwino kuwajambula ndi mapensulo a mitundu iwiri. Ulendo woyamba umachitika funde la thiransifoma likakwera kuposa voteji yomwe ili kale pa C1. Pokhapo ndi pomwe madayodi amatseguka, ndipo karenti yochokera ku thiransifoma imagawikana: ina imadzaza C1, ina imapitirira ku R1 ndi R2. Nthawi imeneyi ndi yochepa, mwina 2 ms kapena 3 ms pa 10 ms zilizonse. Ulendo wachiwiri ndi wa nthawi yonse yotsalayo. Madayodi onse anayi atsekeka, thiransifoma ili ngati kulibe, ndipo gwero la magetsi ndi C1 yokha. Karenti ikutuluka ku mwendo wake wa +, ikudutsa m'marezisita, ikubwerera ku mwendo wake wa −. Kunena zoona, nthawi yambiri chipangizo chanu chimadya za m'kapasita, thiransifoma imangobwera kudzathiramo ka 100 pa sekondi.

Kuchokera pa C1, mzere wa + uli ndi nthambi ziwiri. Yoyamba ndi R1 ndi LED, ndipo iyi siivuta. LED yofiira imatenga pafupifupi 2V, yotsalayo imagwera pa rezisita. 15.6 kuchotsa 2 ndi 13.6V, ndipo tikagawa ndi 1000Ω tipeza 13.6 mA. Karenti imeneyi imadutsa mu R1, imadutsa mu LED, n'kufika pa 0V, yofanana ndendende paliponse, chifukwa rezisita siimwa karenti. Chomwe chimachepa mukadutsa rezisita ndi voteji. Mphamvu yomwe R1 ikusandutsa kutentha ndi 13.6V kuchulukitsa ndi 0.0136A, pafupifupi 0.19W, ndipo rezisita wamba ya 0.25W imakwanitsa ngakhale imafunda ndithu. Nthambi imeneyi ili ndi ntchito inanso yomwe dayagiramu sinena: mukazula pulagi, imathandiza kukhuthula C1. 1000Ω kuchulukitsa ndi 1000µF kumapereka sekondi imodzi, n'chifukwa chake LED siizima nthawi yomweyo koma imazirala pang'onopang'ono. Ikamazima mwadzidzidzi mukangozula, C1 yayamba kufooka.

Nthambi yachiwiri ndi yomwe muli R2. Mbali yake ya kumanzere ili pa 15.6V. Mbali ya kumanja yagwiridwa ndi ZD1, yomwe ndi dayodi ya zena. Zolembedwa kuti 9V1 zikutanthauza 9.1V, chilembo V chaima m'malo mwa kadontho ka desimali, ndipo anthu anayamba kulemba chonchi chifukwa cha vuto lomwe mwakumana nalo lomweli, lakuti kadontho kamasowa pepala likakalamba. Onaninso kuti zena yaikidwa chagada poyerekeza ndi LED: kamzere kake kali ku +. Si kulakwitsa. Zena imagwira ntchito chobwerera, siilola kanthu mpaka voteji itafika pa 9.1V, ndipo ikafika pamenepo imatseguka n'kumeza karenti iliyonse yomwe ikanakweza votejiyo.

Tikudziwa tsono voteji ya mbali zonse ziwiri za R2, ngakhale R2 yeniyeniyo sitikuidziwa. Pa iyo pakugwera 15.6 kuchotsa 9.1, yomwe ndi 6.5V. Tikudziwanso kuti karenti yodutsa mu R2 ikafika kumanja imagawikana pawiri basi, ina kupita ku chipangizo, yotsala kutsikira mu zena. C2 sitikuiwerengera chifukwa DC siidutsamo. Chipangizo chikufuna 20 mA, ndipo zena imafuna kutsaliridwa kenakake, 5 mA mpaka 10 mA, kuti igwire voteji bwino. Ndiye R2 iyenera kudutsitsa 25 mA mpaka 30 mA. Ma 2 awiri omwe mukuwaonawo angakhale 22R, 220R, 2K2 kapena 22K. Tiyese imodzi ndi imodzi.

```
6.5 V / 22 Ω   = 295 mA
6.5 V / 220 Ω  = 29.5 mA
6.5 V / 2200 Ω = 3 mA
```

Ya 2K2 yagwa, chifukwa 3 mA singadyetse chipangizo chofuna 20 mA. Voteji ya potulukira ingatsike kutali ndi 9V ndipo zena singatseguke n'komwe. Ya 22K ndiye palibenso chokambirana. Ya 22R ndi yoopsa: 295 mA ikanatenthetsa rezisitayo ndi pafupifupi 1.9W, ndipo zena ikanameza 275 mA, zomwe ndi 2.5W pa kadayodi komwe nthawi zambiri kamapirira 0.5W kapena 1W. Yatsala 220Ω, yomwe ikupereka 29.5 mA: 20 mA ku chipangizo ndi 9.5 mA ku zena. Nambalazi zikugwirizana bwino kwambiri moti sindikukayika kuti wojambulayo anawerengera chimodzimodzi. Pa rezisita ya mizere inayi mufune yofiira, yofiira, yabulawuni, kenako yagolide.

Koma musathamangire kuwotcherera yatsopano. Pa 29.5 mA, R2 imatentha ndi 0.19W yokha, ndipo rezisita siipserera pa mlingo umenewo. Ilipo mbali ina yomwe inaikakamiza kunyamula zoposa. Taganizani kuti mbali yake ya kumanja yagwera pa 0V. Pamenepo 15.6V yonse ili pa R2, karenti ndi 71 mA, ndipo kutentha ndi 1.1W, kuposa kanayi zomwe rezisita ya 0.25W ingapirire. Imada, utoto wake umasweka, mapeto ake imaduka. Zomwe zingagwetse mbali imeneyo pa 0V ndi zitatu zomwe zaimirira kuseri kwake: zena, C2, kapena chipangizo chenichenicho. Zena ikafa kawirikawiri imafa ndi shoti, choncho yambani ndi iyo. Zulani pulagi, dikirani LED izime, chotsani waya wopita ku chipangizo, ndipo muyeze ndi mita pa Ω pakati pa potulukira ndi 0V. Mukapeza nambala yoyandikira 0, tukulani mwendo umodzi wa zena muyezenso. Shoti ikachoka, wolakwa ndi zena. Zena yabwino, mita ikakhala pa chizindikiro cha dayodi, imaonetsa 0.6V kapena 0.7V mbali imodzi ndi OL mbali inayo, kutanthauza kuti palibe chikudutsa, chifukwa mita siifika pa 9.1V kuti iitsegule chobwerera. Ngati shoti palibe mpaka mutabwezeretsa waya wa chipangizo, vuto lili m'chipangizomo ndipo pawa sapulayi inangovutikira za eni. Ine R2 yatsopanoyo ndingaike ya 0.5W, chifukwa malo amenewa amafunda nthawi zonse ndipo rezisita yokulirapo siisintha kalikonse pa mawerengedwe athu.

Onani kuti chipangizo chikazimitsidwa, R2 siipuma. Imadutsitsabe 29.5 mA, kungoti yonse imatsikira mu zena, yomwe pamenepo imatentha ndi 0.27W. Umu ndi momwe sekiti ya mtunduwu ilili, ndipo ndi malire akenso. Singapereke zoposa zomwe R2 yalola. Mukailumikiza ku chinthu chofuna 50 mA, zena itsekeka ndipo voteji itsika mpaka cha m'ma 4.6V.

Tibwerere kwa C1, popeza tsopano tikudziwa karenti yonse yomwe ikukokedwa: 13.6 mA ya nthambi ya LED kuphatikiza 29.5 mA ya nthambi ya R2, zonse pamodzi 43 mA. Pa ulendo wachiwiri uja, C1 ikamadyetsa yokha sekiti, voteji yake imatsika pang'ono funde lotsatira lisanafike. Kutsikako timakuyerekeza motere, pomwe f ndi 50Hz ija ndipo C ili m'mafaradi:

```
ΔV = I / (2 × f × C)
ΔV = 0.043 / (100 × 0.001) = 0.43 V
```

Mzere wa + ndiye ukugwedezeka pakati pa 15.6V ndi 15.2V, ka 100 pa sekondi. Kugwedezeka kumeneku kumasintha karenti ya mu R2 ndi 2 mA yokha, ndipo zena imameza kusinthako popanda vuto. Koma makapasita a elekitirolitiki amauma akakalamba, makamaka okhala pafupi ndi zinthu zotentha. Tiyerekeze kuti C1 yanu yatsala ndi 100µF. Kugwedezeka kungakule mpaka 3V kapena 4V, mzere wa + n'kumatsika kufika cha m'ma 12V. Pa 12V, R2 ikadutsitsa 13 mA yokha, yosakwana 20 mA yomwe chipangizo chikufuna, ndiye zena imatayilira ndipo 9V imabonyoka pa funde lililonse. Ngati chipangizocho chili ndi sipika, mumva kung'ung'udza kosalekeza. Mita ya pa DC ingakunamizeni pamenepa, chifukwa imaonetsa nambala yapakati yooneka ngati yabwino. Iikeni pa AC muyeze pa miyendo ya C1: kapasita yabwino ionetsa kachigawo kochepa ka volti imodzi, youma ionetsa 1V kapena kuposa. Mamita ena otchipa amasokonezeka ndi DC akakhala pa AC n'kuonetsa nambala yaikulu yopanda tanthauzo, choncho yesani kaye mita yanu pa batire, ikuyenera kuonetsa 0. Chinanso chomwe chimakulitsa kugwedezeka ndi dayodi imodzi yoduka. Pamenepo C1 imathiridwa ka 50 pa sekondi m'malo mwa ka 100, kugwedezeka kumawirikiza kawiri, ndipo kung'ung'udza kumamveka kokulira mawu.

Mukamasintha C1 onetsetsani miyendo. Pa dayagiramu mbali ya + imalembedwa, kapena kamzere ka − kamakhala kopindika. Pa kapasita yeniyeni, mzere wa m'mbali umasonyeza mwendo wa −. Mukaitembenuza imatentha, imatupa ndipo imatha kuphulika.

C2 ndi nkhani yaifupi. 104 ikutanthauza 10 wotsatiridwa ndi ma 0 anayi m'mapikofaradi, kutanthauza 100000 pF kapena 0.1µF. Ndi yaing'ono ka 10000 poyerekeza ndi C1, choncho singathandize pa kugwedezeka kwa 100Hz. Pa liwiro limenelo imatchinga ngati rezisita ya pafupifupi 16000Ω. Koma pa 1 MHz imatchinga ngati 1.6Ω yokha, ndiye phokoso lothamanga kwambiri, longa lomwe zena yeniyeniyo imatulutsa, limapeza njira yachidule yopita ku 0V lisanafike ku chipangizo. Ilibe + kapena −.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikukupemphani mutsimikize pa chipangizo chenichenicho, osati pa pepala pokha. Zonse zomwe tawerengerazi n'zotetezeka kuyeza chifukwa thiransifoma yalekanitsa mbali ya 12V ndi magetsi a pakhoma. Alipo mapawa sapulayi ang'onoang'ono omwe dayagiramu yake kumanja imafanana ndi yanuyi ndendende, madayodi anayi, kapasita, zena, koma kumanzere kulibe thiransifoma. M'malo mwake kuli kapasita yogona pamzere wa 230V, yolembedwa 474 kapena 105 ndi 400V, itaphatikizidwa ndi rezisita yaikulu monga 1M. Kapasita imeneyo imachepetsa karenti podzaza ndi kukhuthula pa funde lililonse la AC, koma siilekanitsa kalikonse, moti ngakhale mzere wolembedwa 0V ungakugwireni ndi magetsi a pakhoma. Zipangizo zakale zimakhala kuti zadutsa m'manja ambiri, ndipo pepala lomatidwa pa chivundikiro silisintha wina akasintha za mkati. Onani ndi maso kuti thiransifoma ilipodi, kuti mawaya a pulagi akupita kwa iyo yokha kudzera pa fyuzi kapena switchi, ndipo mukamayeza magetsi ali oyaka musayandikire mbali imeneyo.

Mukamaliza kukonza, yatsani pawa sapulayi chipangizo chisanalumikizidwe, waya wakuda wa mita uli pa 0V. Pa C1 muyembekezere 15V mpaka 17V, potulukira 9.1V kapena chapafupi, chifukwa mazena wamba amasiyana ndi nambala yawo mpaka 5%. Kenako ikani mawaya onse awiri a mita pa miyendo ya R2, voteji yomwe mwapezayo muigawe ndi 220, ndipo mwadziwa karenti popanda kudula waya uliwonse. Lumikizani chipangizo muyezenso. Voteji ya pa R2 isasinthe kwenikweni, popeza karenti yangosamuka kuchoka mu zena kupita ku chipangizo. Ikakwera pomwe ya potulukira ikutsika, chipangizocho chikukoka zoposa 29 mA, ndipo muzimitse msanga R2 yatsopanoyo isanayambe kuda.